Ekisire ikuti fupa lili bwino, nanga bondo likugonjeranji?

"Masabata atatu apitawo, tili pampira, mnzanga anandigunda kunja kwa bondo lamanja phazi lili pansi. Ndinamva kuti 'phwa', ndipo pofika kunyumba bondo linali litatupa kale. Ku ekisire anati fupa silinathyoke. Ululu wachepa, koma ndikamatembenuka bondo limagonja. Kodi ndingayambenso kusewera?"

Achimwene, musabwerere kaye m'bwalo. Ekisire imaona mafupa okha, pamene zimene zimagwira bondo kuti lisagwedere sizioneka pachithunzicho.

Fupa la ntchafu limangokhala pamwamba pa fupa la msongolo, ndipo chimene chimawamanga pamodzi ndi minyewa inayi yolimba, maligamenti. Awiri ali m'mbali, awiri apingasana m'kati mwenimweni. Pakati pa mafupawo pali timenisikasi tiwiri tooneka ngati chilembo cha C, timene timagwira ntchito ya nkhata: kulandira kulemera kwa thupi kuti mafupa asamakhulane.

Munthu akakugundani kunja, bondo limapindikira m'kati, ndiye chimene chimakokeka ndi ligamenti ya mbali ya m'kati, imene papepala la kuchipatala amailemba kuti MCL. N'chifukwa chake ululu umakhala kumbali imene sanakugundeni. Imeneyi siindidetsa nkhawa kwambiri. Imalandira magazi okwanira, ndipo ikang'ambika pang'ono imapola yokha m'masabata 2 mpaka 6, bola bondo litetezedwe ndi chomangira choletsa kupindikira m'mbali. Ndikuganiza kuti ululu umene wachepawo unali wa imeneyi.

Chondidetsa nkhawa ndi ACL, imodzi mwa zopingasana zija, imene imaletsa msongolo kutsetserekera kutsogolo ndi kupotokola. Phazi likamatirira pansi thupi n'kutembenuka, iyo ndi imene imaduka. Kutupa kofulumira, kwa m'maola awiri oyamba, kumatanthauza kuti m'bondo mwadzaza magazi, ndipo kwa wosewera mpira amene fupa lake lili bwino, nthawi zambiri gwero lake ndi ACL. Menisikasi ikang'ambika payokha, bondo limakonda kutupa pang'onopang'ono, mawa lake. Kugonja potembenukako ndiye chizindikiro chachikulu: poyenda molunjika minofu ya ntchafu imabisa vutolo, koma mukangokhota mwadzidzidzi palibe chogwira.

Tsoka lake, ACL ikaduka yonse kawirikawiri siilumikizananso yokha. Ndipo nthawi iliyonse bondo likagonja, mafupa amatsina menisikasi. Munthu amene anangodula ligamenti amapezeka wang'ambanso menisikasi chifukwa chothamangira kusewera, ndipo menisikasi imalandira magazi m'mphepete mwake mokha, kotero ikang'ambika cha m'kati siipola. Mapeto ake ndi nyamakazi ya bondo munthu akadali wamng'ono. Yesani kuwongola mwendo wonse mutagona chagada. Ngati ukukana ngati china chake chapinga m'kati, kapena pali ululu wobaya pamzere pamene mafupa akumana mukamanjuta, menisikasi yakhudzidwa. Bondo lokana kuwongoka lisadikire, pitani sabata yomwe ino.

Bwererani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi a zamafupa. M'zipatala za m'maboma amapezeka. Auzeni zinthu zitatu: phokoso lija, nthawi imene linatupa, ndi kugonjako. Adzapinda bondo pang'ono n'kukoka msongolo kutsogolo, kuyerekeza ndi mwendo wabwinowo. Ukabwera mopanda choimitsa, ACL yaduka. Manja odziwa amanena zambiri, ndipo makina a MRI, amene amajambula ngakhale minyewa ya m'kati mwa bondo, amangotsimikiza ndi kuonetsa mmene menisikasi ilili. Akafuna kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, musazengereze.

Si aliyense wodula ACL amafunika opaleshoni. Amene ntchito yake ndi yoyenda molunjika kapena kupalasa njinga akhoza kukhala bwino atalimbitsa minofu ya ntchafu, kutsogolo ndi kumbuyo, kwa miyezi itatu kapena kuposerapo mothandizidwa ndi a fiziyo. Koma mpira wamiyendo ndi wamanja ndi masewero okhotakhota. Mukafunitsitsa kubwerera, madokotala amatenga mnyewa wina pamwendo wanu womwewo n'kupanga ligamenti yatsopano, ndipo kusewera kumayambanso pakatha miyezi 9 mpaka 12. Ngakhale mutasankha njira imeneyi, fiziyo ndiye poyambira, chifukwa bondo lotupa ndi louma salichita opaleshoni mwachangu.

Ndikudziwa kuti kumudzi ena akuuzani kale zotema mphini kapena kukoka mwendo. Mphini sizifika pamene pali vuto, ndipo kukoka kungawonjezere kung'ambika. Pakadali pano, likatupa ikani ayezi wokulunga m'nsalu kwa mphindi 15 mpaka 20, mwendo uli m'mwamba. Mutagona, limbitsani ntchafu ndi kukweza mwendo wowongoka kangapo patsiku. Yendani molunjika, ndipo potembenuka nyamulani phazi, musazungulire pa ilo.