Kudziwa njira yotsatsira imene ikubweretsa ogula pamene simungawatsate mmodzimmodzi

"Timagulitsa nyale za sola m'zigawo zonse zitatu, ndipo timatsatsa pa wailesi, pa Facebook ndi pa zikwangwani. Ogula ambiri amalipira ndalama pamanja m'sitolo, kotero sitidziwa chimene chinawakoka. Mnzanga wina wanditchulira MMM. Kodi imagwira bwanji ntchito, ndipo kampani yaying'ono ingaikwanitse?" Wowerenga wa ku Lilongwe

Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. MMM ndi chidule cha Marketing Mix Modeling, njira yoyezera gawo la malonda limene kutsatsa kulikonse kwabweretsa, ndipo siyang'ana wogula aliyense payekha. Imayerekeza kukwera ndi kutsika kwa malonda a sabata iliyonse ndi kukwera ndi kutsika kwa zimene munaika pa njira iliyonse yotsatsira, kenako nkugawa malondawo mogwirizana ndi zimene yaona. Ndi njira yakale imene makampani ankaigwiritsa ntchito pa wailesi ndi nyuzipepala intaneti isanafale, ndipo yabwereranso mwamphamvu kuchokera mu 2021, pamene Apple inakhazikitsa lamulo loti mapulogalamu a pa iPhone azipempha kaye chilolezo asanatsate zochita za munthu. Kwa inu vutolo si lachilendo, popeza womvera wailesi sanatsatikepo ndi kale lomwe.

Choyamba ndi tebulo, ndipo kunena zoona ntchito yaikulu ili pamenepa. Mzere uliwonse ukhale sabata imodzi, ndipo mufunika zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye kuti mizere 104 mpaka 156. Pa mzerewo mulembe nyale zimene zinagulitsidwa, maulendo amene uthenga wanu unamveka pa wailesi, maulendo amene unaonedwa pa Facebook, zikwangwani zimene zinalipo, mtengo wa nyale, ndi masabata amene katundu anatha m'sitolo. Ndikulangiza kuti muwerenge nyale ndi mauthenga m'malo mwa makwacha, chifukwa kwacha inatsika mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo tebulo la makwacha lingaonetse ndalama zotsatsira ndi ndalama za malonda zikukwera pamodzi pomwe chimene chakwera ndi mitengo chabe.

Modelo, ndiye kuti masamu amene mumayendetsa pa tebulo lija, imagawa malonda a sabata kukhala maziko, amene mukanagulitsabe ngakhale osatsatsa, ndi gawo la njira iliyonse. Koma isanagawe, manambala otsatsira amayamba akonzedwa, chifukwa munthu amene wamva uthenga lero akhoza kukagula sabata yamawa kapena kumapeto kwa mwezi akalandira malipiro. Mphamvu yotsalira imeneyi imatchedwa adistoko, ndipo imawerengedwa motere:

```
A[t] = x[t] + 0.5 * A[t-1]
```

Apa A[t] ndi adistoko ya sabata ino, x[t] ndi mauthenga a sabata ino, ndipo A[t-1] ndi adistoko ya sabata yatha. Tiyerekeze, ndi manambala ongopeka, kuti munaulutsa mauthenga 40 sabata imodzi pa mtengo wa K800,000, kenako nkusiya. Ngati theka la mphamvu limatsalira sabata iliyonse, adistoko idzakhala 40, kenako 20, 10, 5, ndipo zonse pamodzi zidzayandikira 80. Modelo ikapeza kuti 1 aliyense wa adistoko amabweretsa nyale 2, ndiye kuti wailesi inagulitsa nyale pafupifupi 160, ndipo nyale iliyonse inakudyerani K5,000 yotsatsira. Munthu amene wangoyang'ana sabata yoyamba adzaona nyale 80 zokha, adzawerengera K10,000 pa nyale, ndipo akhoza kusiya wailesi molakwika. Nambala ya 0.5 ija si lamulo, mumayesa zingapo nkusankha yogwirizana bwino ndi malonda, ndipo kawirikawiri ya wailesi imakhala yokulirapo kusiyana ndi ya mauthenga a pa intaneti ofuna kuti munthu adine nthawi yomweyo. Kukonza kwachiwiri nkwakuti mauthenga 80 sabweretsa kawiri zimene 40 anabweretsa, popeza omvera ake ndi omwewo, choncho funso lothandiza pogawa bajeti ndi lakuti K100,000 yowonjezera idzabweretsa nyale zingati pa njira iliyonse.

Tsopano ndifike pamene modelo zambiri zimanamiza eni ake. Modelo imaphunzira pa kusinthasintha kokha. Ngati chikwangwani chanu chakhala pa malo amodzi zaka zonsezi pa mtengo wofanana, palibe masamu amene angasiyanitse mphamvu yake ndi maziko. Choopsa kwambiri ndi chizolowezi chimene amalonda ambiri ali nacho, chokweza wailesi ndi Facebook nthawi imodzi, ndiponso m'miyezi ya pambuyo pokolola pamene anthu agulitsa mbewu ndipo ali ndi ndalama, nkuzitsitsa zonse mu Januwale ndi Febuluwale. Zinthu zitatu zikamakwera pamodzi chonchi, modelo imadziwa kuti malonda akwera, koma kagawidwe kake kamakhala kongolota. Chomwechonso magetsi akamazimazima nyale za sola zimayenda malonda zokha, ndipo ngati simunalembe zimenezi m'tebulo, ulemu wonse udzapita ku njira imene munali mutaikweza sabata imeneyo.

Pali zizindikiro zokuuzani kuti mwagwa m'vutoli. Yesani `CORREL` mu Excel, imene imayeza mmene mizati iwiri imakwerera ndi kutsikira pamodzi, pa mizati ya wailesi ndi Facebook, ndipo yankho likafika cha m'ma 0.8 kapena kupitirira, musakhulupirire kagawidwe ka ziwirizo. Chotsani miyezi itatu m'tebulo nkuwerengetsanso, ndipo gawo la wailesi likasintha kuchoka pa nyale 120 kufika pa 40, ndiye kuti modeloyo ilibe poimira. Njira ina ikatuluka ndi nambala yosonyeza kuti kutsatsa kumachepetsa malonda, chimenecho nachonso ndi chizindikiro chomwecho. Musanyengeke ndi mzere wa modelo wotsatana bwino ndi malonda akale, chifukwa magawidwe awiri otsutsana akhoza kujambula mzere wofanana.

Mankhwala ake ndi kusintha dala. Tinene kuti modelo yanena kuti pa nyale 500 za sabata, 300 ndi maziko, 120 ndi za wailesi, ndipo 80 ndi za Facebook, zimene ndi 16 pa 100 iliyonse. Imitsani Facebook ku Mzuzu kokha kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, osasintha china chilichonse, ndipo muyerekeze ndi dera limene malonda ake akhala akuyenda mofanana ndi a ku Mzuzu. Ngati ku Mzuzu malonda atsika kuchoka pa 100 kufika pa 88 pa sabata, pomwe kwinako atsika okha kuchoka pa 100 kufika pa 96, kusiyana kumene kwabwera chifukwa cha Facebook ndi 8, ndipo modelo inachulutsa gawolo pafupifupi kawiri. Masabata oyamba muwaone mosamala, popeza mphamvu yotsalira imakhala isanathe. Pa wailesi kuyesa kotere kumatheka ndi mawailesi a m'madera, osati omveka dziko lonse, ndipo kwa omveka dziko lonsewo chimene mungachite ndi kuulutsa masabata ena nkupuma ena, pa nthawi zosiyana ndi za Facebook.

Kampani yaying'ono ikhoza kuyamba ndi Excel, kuika mauthenga mu mzati B, kuwerengera adistoko mu mzati C ndi `=B3+0.5*C2`, kenako kupeza gawo la njira iliyonse ndi `LINEST`. Mapulogalamu aulere a Robyn, ya Meta, ndi Meridian, ya Google, amalola kulowetsa zotsatira za kuyesa ngati kwa ku Mzuzu kuja, koma amafuna munthu wodziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta mu R kapena Python. Ndi mizere 104 yokha musagawe njira zoposa zitatu kapena zinayi, chifukwa iliyonse imafuna manambala ake pafupifupi atatu oti apezedwe, ndipo mawailesi onse ndi bwino kuwaphatikiza mumzati umodzi. Ngati malonda a m'dera loyeseralo ali nyale khumi kapena makumi awiri zokha pa sabata, kusiyana kudzabisika m'kusinthasintha kwa masiku onse, choncho phatikizani maboma angapo ndipo mutalikitse nthawi yoyesera.