Anthu angati adzabwera kudzameta pa ola limodzi?

"Ndili ndi malo ometera tsitsi. Mwezi watha ndinalemba m'kope makasitomala 800 pa maola 200. Ine ndi mnyamata wanga timatha kumeta anthu 6 pa ola. Nanga bwanji nthawi zina benchi imadzaza? Masamu angandiuze kuti zimenezi zizichitika kangati?"

Achimwene, kope lanulo lagwira kale theka la ntchito. Mukagawa 800 ndi 200 mupeza 4. Nambala imeneyi a masamu amaitcha lamuda, amailemba λ, ndipo ndi avereji ya anthu ofika pa ola. Koma anthu sapangana kunyumba kuti azibwera anayianayi. Ola lina abwera awiri, lina asanu ndi atatu.

Njira yowerengera zoterezi imadziwika ndi dzina la Poisson, katswiri wa ku France amene anaifalitsa mu 1837. Imagwira bwino pamene anthu oti angabwere ndi ambiri, dera lonse, koma mpata woti munthu mmodzi abwere ola lomwelo ndi wochepa. Mwayi woti pafike anthu k ndi uwu:

```
P(k) = e^(-λ) × λ^k / k!
```

Apa e ndi nambala yosasintha, pafupifupi 2.718, ndipo k! ndi kuchulukitsa manambala onse kuyambira 1 mpaka k. Tiikepo 4 wanuyo. Mwayi woti ola lithe osabwera aliyense ndi 0.018, kutanthauza maola pafupifupi awiri pa 100. Woti abwere anayi ndendende ndi 0.195 basi, ola limodzi pa asanu. Mukaphatikiza kuyambira 0 mpaka 6 mupeza 0.889, ndiye chotsalacho, 0.111, ndi maola amene ofika aposa mphamvu zanu. Ndi ola limodzi pa 9 alionse, kapena maola 22 pa 200 anu aja. Mu Excel lembani:

```
=1-POISSON.DIST(6,4,TRUE)
```

Komatu 4 ameneyu ine ndikumukayikira. Mwasakaniza Lachiwiri m'mawa ndi Loweruka masana, pakati pa mwezi ndi kumapeto anthu atalandira. Ngati Loweruka lamuda ndi 7, mwayi wopitirira 6 umafika 0.55, kuposa theka la maola. Pamene ali 2, sufika ndi 0.01 pomwe. Avereji imodzi yabisa zonsezi. Gawani kopelo, maola ofanana akhale paokha, gulu lililonse ndi lamuda wake.

Pali poyesera pake. Mu Poisson, kumwazikana kwa manambala, kumene Excel imawerengera ndi VAR.S, kumayenera kuyandikana ndi avereji. Avereji ikakhala 4 koma VAR.S n'kutulutsa 10, dziwani kuti mwina mwasakaniza maola osiyana, kapena anthu akubwera m'magulu. Bambo wobwera ndi ana atatu sukulu ikamatsegulidwa amasokoneza masamuwa, chifukwa njirayi imafuna kuti aliyense abwere payekha, mosakokana.

Ndikufunseninso: munalemba ofika kapena ometedwa? Uja amasuzumira pakhomo, n'kuona benchi yadzaza, n'kupita kwina, nayenso ndi wofika. Ngati sali m'kope, lamuda wanu wachepa, makamaka pa maola otanganidwa omwewo. Loweruka likubwerali muike chizindikiro cha aliyense wobwerera pakhomo.