Kusiya ntchito ku Dubai n'kubwerera kumudzi: notisi, ndalama zomaliza ndi viza

"Abale, ndagwira ntchito pa kampani ina ku Dubai kuno zaka zitatu ndi theka, ndatopa, ndikufuna ndizibwerera kumudzi. Kodi notisi ndiyenera kupereka ya masiku angati? Nanga ndalama zanga andipatsa zonse poti ndikusiya ndekha? Viza athetsa ndani? Tikiti ndayiona kale yotchipa ya sabata yamawa."

Achimwene, tikitiyo musagule kaye. Poyamba mupereke notisi, kenako ndalama zilowe, kenako viza ithetsedwe, ndipo tikiti ibwere pomalizira. Ambiri amene amabwerera chimanjamanja amakhala kuti anayambira kumapeto.

Tsegulani kontirakiti yanu, ija inalembetsedwa ku unduna wa zantchito, MOHRE, osati kalata imene anakutumizirani pokulembani ntchito. Lamulo la zantchito la dziko la UAE, nambala 33 la 2021, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 2 Febuluwale 2022, limati notisi isachepere masiku 30 ndipo isapitirire masiku 90. Chiwerengero chenicheni chili mu kontirakitimo. Notisi imakhala yolemba, ndiye musangowauza abwana pakamwa podutsana pakhomo. Lembani kalata yaifupi, yokhala ndi deti la tsiku lomwe mwalemba ndi la tsiku lanu lomaliza kugwira ntchito. Muitumize pa imelo, ndipo pepala lina akusayinireni kuti alandira. Zifukwa simukufunika kuzifotokoza, ndipo madandaulo anu onse musawathire m'kalatamo.

Masiku a notisiwo muwagwire onse, malipiro ake mulandira athunthu. Mukachoka asanathe, kampani ili ndi ufulu wokulipiritsani malipiro a masiku otsalawo, ndipo apa amawerengera malipiro onse pamodzi ndi maalawansi. Ngati abwana avomera kuti muchoke msanga, alembe, asayine. Choopsa kwambiri ndi kungosowa. Mukajomba masiku 7 otsatizana popanda chifukwa, kampani ikhoza kukakunenezani kuti mwathawa ntchito, ndipo mukhoza kumanidwa chilolezo chogwirira ntchito m'dzikomo kwa chaka chathunthu. Lero mukuti simudzabwereranso, koma musadzitsekere khomo nokha.

Tsopano ndalama. M'magulu muno mumveka anthu akunena kuti ukasiya wekha, gilachuwite, ndalama ija yothokoza imene kampani imapereka ntchito ikatha, amakudula. Zimenezo zinali m'lamulo lakale la 1980. M'lamulo la pano, bola mwakwanitsa chaka chimodzi chosadukiza, mulandira yonse, kaya mwasiya nokha kaya akuchotsani. Amawerengera malipiro a masiku 21 pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira, ndi masiku 30 pa chaka chilichonse chopitirira apo. Koma amagwiritsa ntchito besiki yokha, ndalama ija yalembedwa pa mzere wa Basic Salary, osaphatikiza alawansi ya nyumba kapena ya thiransipoti. Ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira, chifukwa m'mutu mwawo anali atawerengera ndalama yonse imene imalowa mu akaunti.

Malipiro anu simunatchule, ndiye tingoyerekeza. Tinene kuti mumalandira madiramu 3,000 pamwezi, mwa ndalamayo besiki ndi 1,800. Gawani 1,800 ndi 30, mupeza 60 patsiku. Masiku 21 akupatsani 1,260 pachaka. Zaka zitatu ndi 3,780, theka la chaka lija ndi 630, pamodzi 4,410. Miyezi yapamwambayo siitayika, amaiwerengera monga mwa gawo lake. Ngati muli ndi masiku 20 a livi omwe simunatenge, nawonso amalipidwa pa besiki, ndiye 1,200. Onjezani malipiro a mwezi wa notisi, 3,000. Zonse zikukwana 8,610. Masiku amene munapita kutchuthi chosalipidwa amachotsedwa powerengera zaka, ndipo ngati munatenga ngongole kapena adivansi kukampani, aichotsa pomwepo. Chitani masamu amenewa nokha papepala musanapite ku ofesi, kuti akakupatsani chiwerengero chawo mukhale ndi chanu chofananitsira. Lamulo limawapatsa masiku 14 kuchokera tsiku lomwe ntchito yatha kuti akhale atakulipirani zonse.

Apa ndiye ndikupemphani mumvetsere bwino. Viza simuthetsa inu, imathetsedwa ndi kampani popeza ndiyo inakutengerani. Amayamba ndi kuthetsa chilolezo cha ntchito ku MOHRE, kenako viza yokhalira m'dziko ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka, yomwe ku Dubai ndi GDRFA. Pofuna kuthetsa chilolezocho adzakubweretserani fomu yoti musayine, ndipo m'fomumo muli mawu akuti mwalandira zonse zimene munayenera kulandira. Kawirikawiri amabwera nayo mothamanga, akuti "tangosayinani apa, ndalama zilowa Lachinayi." Musasayine. Auzeni mwaulemu kuti musayina ndalama zikaoneka mu akaunti, ndipo mupemphe pepala lofotokoza mzere ndi mzere mmene awerengera. Mukasayina ndalama zisanalowe, mwawapatsa umboni wokutsutsani nawo, ndipo kulondola mlandu muli kumudzi n'kovuta zedi. Akamazengereza kapena kukuopsezani, kadandauleni ku MOHRE mudakali m'dzikomo. Kudandaula n'kwaulere, ndipo ngati ndalama zake sizikupitirira madiramu 50,000 undunawo uli ndi mphamvu zogamula wokha.

Viza ikathetsedwa amakupatsani masiku oti mukonzeke kutuluka. Kuchuluka kwake kumatengera mtundu wa viza, choncho musadalire zomwe mnzanu wa m'chipinda anakuuzani. Tengani pepala lotsimikiza kuti viza yathetsedwa, muone deti lenileni. Mukapitirira, chindapusa ndi madiramu 50 patsiku, ndipo mudzalipira musanakwere ndege. Osachokanso viza isanathetsedwe poganiza kuti idzafa yokha, chifukwa m'mabuku mumakhalabe wantchito wa kampaniyo amene sakuoneka pantchito. Pasipoti ngati ili kwa abwana, ifunseni tsopano. Lamulo siliwalola kuisunga.

Za tikiti, musayembekezere zambiri. Kampani imakakamizidwa kulipira ulendo wobwerera pokhapokha ngati kutha kwa ntchito sikunachokere kwa inu. Popeza mukusiya nokha, akhoza kukana, kupatula ngati kontirakiti yanu inalonjeza tikitiyo. Funsani ndithu, makampani ena amapereka, koma ndalama yake mukhale mutasunga.

Chinthu china chimene anthu amaiwala ndi banki. Ngati muli ndi ngongole kapena khadi la ngongole, banki ikaona kuti ndalama zalowazo ndi zomaliza ikhoza kuzigwira kuti ibweze zake. Ngongole yosalipidwa ikhozanso kufika kukhoti, n'kukuletsani kutuluka m'dziko. Pitani kubanki notisi ili mkati, mufunse ndalama yotsala, mulipire, ndipo mutenge kalata yoti mulibe nawo ngongole. Akaunti mutseke pomalizira penipeni, ndalama zitalowa ndipo mutazitumiza. Nambala ya foni nayonso musaitaye msanga, poti mauthenga a banki amabwera pamenepo.

Musanatuluke, pemphani kalata yotsimikiza kuti munagwira ntchito pamenepo. Amayenera kukupatsani kwaulere, yosonyeza deti loyambira, lomalizira ndi ntchito imene munkagwira.

Zonse ndanenazi ndi za kampani wamba yolembetsedwa ku MOHRE. Antchito a m'nyumba ali ndi lamulo lawolawo la 2022, ndipo makampani a ku DIFC, dera lapadera la zachuma la ku Dubai, amayendera malamulo awo. Ngati kampani yanu ili m'dera lina la malonda lodziyimira palokha, viza ndi madandaulo zimadzera ku ofesi ya deralo. Tiuzeni besiki yanu, deti limene munayambira ntchito ndi masiku a notisi omwe ali mu kontirakiti, tiwerengere limodzi musanalembe kalatayo.