Kalata yowonjezera pulobeshoni kwa wosunga sitoko: zomwe lamulo la kuno limalola

Funso: "Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira ku Graniteside mumzinda wa Harare, ndipo mnyamata wosunga sitoko anayamba ntchito pa 1 Malichi pa pulobeshoni ya miyezi itatu. Ndi wakhama, koma mabuku ake sagwirizana ndi katundu amene ali m'sitolo. Lero ndi pa 6 Meyi. Ndikufuna kumuwonjezera miyezi ina itatu. Kalatayo ndiilembe bwanji?"

Mayi, kalata imeneyo musailembe, chifukwa lamulo la kuno ku Zimbabwe silikulolani kutero. Lamulo la Ntchito, mutu 28:01, gawo 12, ndime 5, limanena kuti kontirakiti ikhoza kukhala ndi pulobeshoni yolembedwa, koma imodzi yokha, yosabwerezedwa, ndipo yosapitirira miyezi itatu kwa munthu wa ntchito yokhazikika. Ambiri a ife timasokonezeka chifukwa timamva za kumudzi: ku Malawi lamulo la ntchito la 2000 limalola pulobeshoni ya munthu waluso kufika miyezi 12, choncho kumeneko bwana amene anayamba ndi miyezi itatu amakhala ndi mpata wotambasula. Kuno mpata umenewo palibe, ndipo Khothi la Supulimu linagamula kale mu 2018 kuti pulobeshoni yowonjezera ilibe mphamvu. Ngakhale mnyamatayo atasaina yekha kuti wavomera, siginecha yake singasinthe lamulo. Ndikunena za mabizinesi ngati yanuyi. Ogwira ntchito m'boma amayendera malamulo ena.

Zotsatira zake ndi izi: akadzafika pa ntchito pa 1 Juni inu n'kumupatsa makiyi a sitolo monga mwa masiku onse, ameneyo ndi wantchito wokhazikika, kaya m'fayilo yake muli kalata yonena zina. Mukadzamuchotsa mu Ogasiti ndi notisi ya masabata awiri poganiza kuti akadali pa pulobeshoni, iye akhoza kukadandaula kwa ofisala wa zantchito kapena ku khonsolo ya ntchito ya gawo lanu, imene timangoitchula kuti NEC, ndipo kalata yanu yomweyo ndi imene idzakutsutsani.

Choncho mwatsala ndi njira ziwiri, ndipo nthawi yosankhira ndi yochepa. Ngati simukumufuna, notisi pa nthawi ya pulobeshoni ndi ya masabata awiri, ndipo kuti pasadzakhale mkangano ndi bwino kuti masabata awiriwo athe tsiku la 31 Meyi lisanadutse. Ine ndingapereke kalatayo pasanafike pa 15 Meyi. Yang'ananinso kontirakiti yake lero lomwe, chifukwa ngati pulobeshoniyo munangogwirizana pakamwa osailemba, ndiye kuti kulamulo kunalibe pulobeshoni kuyambira pachiyambi. Koma popeza mukuti munthuyo ndi wakhama, ndikuona kuti mtima wanu uli pa njira yachiwiri, yomukhazikitsa pa ntchito koma n'kumuuza mwatchutchutchu, m'kalata yomweyo, zimene ziyenera kusintha ndi tsiku limene ziyenera kukhala zitasintha. Kalata yotereyi imagwira ntchito yonse imene mumafuna kuti kuwonjezera kugwire, kupatula chinthu chimodzi: mwayi womuchotsa mosavuta umatha.

Musanalembe, khalani naye pansi muli ndi makadi a sitoko ndi mapepala obwera ndi katundu m'manja. Apa m'pamene mabwana ambiri amalakwitsa, chifukwa amaona kusiyana kwa manambala n'kuganiza kuti vuto ndi wolemba. Kusiyana kwa sitoko kuli ndi magwero angapo, ndipo amadziwika ndi maonekedwe ake. Ngati katundu wa m'sitolo amachuluka kuposa wa pa kadi, kawirikawiri ndiye kuti lole inatsitsa katundu koma pepala lake silinalowetsedwe m'buku. Ngati mtundu wina wa misomali ukupelewera pamene mtundu woyandikana nawo ukuchuluka ndi muyeso wofanana, vuto ndi kusokoneza mayina a katundu, ndipo limatha ndi kuphunzitsa. Koma ngati simenti ikuchepa sabata ndi sabata popanda china chochuluka, funsani kuti ndani winanso amene ali ndi kiyi, ndiponso kuti Loweruka masana, iye ataweruka, amatulutsa katundu ndani. Simungamuikire munthu muyeso pa chitseko chimene anthu atatu amatsegula.

Tsopano kalata. Ndikupereka chitsanzo ndi manambala ongopeka, inu muikemo anu enieni. Ndime yoyamba ikhale yaifupi ndipo isasiye chikayiko:

"Tikukudziwitsani kuti pulobeshoni yanu, yomwe inayamba pa 1 Malichi, ikutha pa 31 Meyi, ndipo kuyambira pa 1 Juni mwakhazikitsidwa pa ntchito ya wosunga sitoko. Malipiro ndi mfundo zina za kontirakiti yanu sizikusintha."

Musalembe kuti "mwakhazikitsidwa ngati mudzakwanitsa zotsatirazi", chifukwa liwu lakuti "ngati" pamenepo likubweretsa pulobeshoni yachiwiri mobisa, ndipo wozenga mlandu adzaiona msanga. Kukhazikitsa kuime pakokha, miyeso iime payokha.

Kenaka tchulani zimene amachita bwino, koma mwa chinthu chenicheni, mwachitsanzo kuti anakonza mashelefu a mapaipi mwa saizi ndipo makasitomala sakudikiranso nthawi yaitali. Sikumunyengerera ayi, kumamuthandiza kudziwa zimene sayenera kusiya pamene akukonza zinazo. Zikatero bwerani pa zifukwa, ndipo apa ndi pamene kalata imakhala yamphamvu kapena yopanda ntchito. Mawu ngati "simusamala" kapena "mabuku anu sali bwino" sathandiza aliyense, pakuti iye sangawakane ndipo sangawakonze. Lembani chonchi:

"Pa kuwerenga katundu kwa pa 31 Malichi, kadi inaonetsa matumba a simenti 220 pamene m'sitolo munali 206. Pa kuwerenga kwa pa 30 Epulo, mitundu 9 mwa mitundu 60 imene inawerengedwa sinagwirizane ndi makadi. Tinapezanso mapepala anayi a katundu wobwera amene analowetsedwa m'buku patapita masiku opitirira atatu. Tinakambirana zimenezi pa 9 Meyi, ndipo munafotokoza kuti malole akabwera awiri nthawi imodzi mumasunga mapepala kuti mudzalembe mawa, komanso kuti kiyi wachiwiri amakhala ndi ogulitsa."

Taonani kuti mbali yake ya nkhani yalowa m'kalata. Izi zimasonyeza kuti munamumva, ndipo zimakukakamizani inuyo kuyankha nkhani ya kiyiyo.

Miyeso isapitirire itatu. Uliwonse ukhale ndi chochita, nambala, tsiku ndi malo amene umboni udzachokera. Pa nkhani yanuyi ndingalembe kuti pepala lililonse la katundu wobwera lilowetsedwe m'buku tsiku lomwelo isanakwane 4 koloko madzulo, ndipo lole ikabwera mochedwa, pofika 9 koloko m'mawa mwake. Kuti Lachisanu lililonse aziwerenga mitundu 20 ya katundu woyenda msanga, monga simenti, malata, misomali ndi penti, n'kupereka pepala losainidwa kwa inu. Ndiponso kuti pa kuwerenga kwa kumapeto kwa mwezi, mitundu yosagwirizana ndi makadi isapitirire isanu mwa 60 mu Juni, itatu mu Julayi, ndi iwiri mu Ogasiti. Muyeso wotsika pang'onopang'ono ndi wabwino kuposa kunena kuti "pasakhale kusiyana kulikonse", chifukwa sitolo yogulitsa misomali pa sikelo sisowa kusiyana kochepa, ndipo muyeso umene inu nomwe mukudziwa kuti sungatheke umaoneka ngati msampha. Dziyeseni ndi funso ili: kodi munthu wachilendo, atapatsidwa mabuku anu pa 31 Ogasiti, angathe kunena yekha ngati mnyamatayu wakwanitsa kapena ayi, popanda kukufunsani maganizo anu? Ngati sangathe, muyesowo ukadali wa m'mutu mwanu.

Ndime yotsatira ndi ya zimene inu mudzachite, ndipo ambiri amaidumpha. Lembani kuti wowerengera ndalama wanu adzakhala naye m'mawa kawiri mu Juni kumusonyeza kalembedwe ka makadi, kuti kuyambira pa 1 Juni kiyi wachiwiri adzakhala ndi inu nokha, ndi kuti katundu aliyense wotuluka iye kulibe adzalembedwa m'buku lapadera ndi dzina la womutulutsa. Ikaninso masiku okumana kuti muone m'mene zikuyendera, monga 30 Juni, 31 Julayi ndi 31 Ogasiti, ndipo muwasunge. Bwana amene analonjeza maphunziro osawapereka, kapena amene anadumpha misonkhano iwiri n'kudzakwiya pa wachitatu, amakhala wafooketsa kalata yake yomwe.

Pomaliza nenani zomwe zidzachitike akalephera, mosaopseza komanso mosanama. Musalembe kuti ntchito idzatha yokha, chifukwa sizingatheke kwa munthu wokhazikika. Lembani kuti ngati miyesoyi sidzakwaniritsidwa ngakhale thandizo litaperekedwa, nkhaniyo idzayendetsedwa motsatira malamulo a mwambo wa pa ntchito. Ngati NEC yanu ili ndi malamulo ake olembetsedwa, mudzatsata amenewo. Ngati palibe, pali malamulo a dziko lonse a mu 2006, otchedwa SI 15, amene amafuna kuti munthu auzidwe mlandu wake polemba, apatsidwe nthawi yokonzekera, ndipo amvedwe asanalangidwe. Malamulo amenewo amatchula kulephera ntchito kwakukulu, osati kuphophonya kwa apa ndi apo, ndiye mapepala a Lachisanu aja ndi zolemba za misonkhano yanu ndi zimene zidzasonyeze kukula kwa vutolo. Imbirani foni ku NEC yanu sabata ino muwafunse malamulo awo pamodzi ndi giredi ndi malipiro a wosunga sitoko, kuti zimene mukulemba m'ndime yoyamba zigwirizane ndi mgwirizano wa gawo lanu.

Kalatayo ilembedwe m'chilankhulo cha kontirakiti, chomwe kuno nthawi zambiri chimakhala Chingelezi, koma muiwerenge naye ndi kumufotokozera m'Chishona kapena m'Chichewa, chimene iye amamva bwino. Sindikizani makope awiri, asaine kuti walandira n'kulemba tsiku, ndipo siyani mizere ingapo pansi yoti alembepo ndemanga yake ngati ali nayo. Akakana kusaina musakangane naye: itanani mboni imodzi, ilembe kuti kalata yaperekedwa pa tsiku lakutilakuti ndipo isaine, kope limodzi mumupatse, linalo lilowe m'fayilo yake pasanafike pa 31 Meyi.