Foni itaduka, dokotala anaimbira achemwali anga. Chinsinsi changa chili pati?

*Adokotala, ndakhala ndikulankhula ndi dokotala wa matenda a maganizo pa vidiyo. Nthawi zonse amafunsa komwe ndili ndiponso amene ndili naye. Tsiku lina nditangomuuza kuti moyo wanditopetsa, netiweki inathawa. Posakhalitsa achemwali anga anafika akuthamanga, akuti dokotala wawaimbira. Ndinakhumudwa ndipo ndinasiya kulankhula naye. Pano ndimangogula dayazepamu kuti ndizigona. Mayi wa ana awiri, Mchinji.*

Mayi, ndikuona kuti chikukupwetekani ndi manyazi, komanso mantha akuti mawa pa mjigo anthu ayamba kunena kuti mwazungulira mutu. Mantha amenewo ndikuwamvetsa. Koma dokotala wanu sanakugulitseni. Anachita zimene malamulo a ntchito yake amamuuza.

Kuchipatala wodwala akandiuza mawu ngati anuwo, ndimamukhazika pansi, ndimaitana namwino, ndipo sachoka yekha. Pa foni ndilibe dzanja lomugwira. N'chifukwa chake malangizo a chithandizo cha maganizo cha pa foni, monga amene akatswiri a ku India analemba mu 2020 pamodzi ndi chipatala cha matenda a maganizo cha NIMHANS, ndi amene madokotala a ku America anatulutsa mu 2018, amagwirizana pa mfundo imodzi: dokotala adziwe amene akulankhula naye ndi komwe ali, ndipo akonzeretu chochita zinthu zikavuta. Amafunsa dzina ndi chiphaso poyamba chifukwa kuno foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse, ndipo mankhwala olemberedwa munthu wolakwika amavulaza. Amafunsa malo ulendo uliwonse chifukwa sabata yatha munali kunyumba, lero mwina muli kwa abale ku Lilongwe, ndipo thandizo likatumizidwa kolakwika limakhala lopanda ntchito. Nambala ya achemwali anu anaitenga pa chifukwa chomwecho.

Foni ikaduka, zimene dokotala amachita zimadalira pomwe nkhani inafika. Ikaduka mukukamba za tulo, amayesanso vidiyo, ikakana amaimba foni wamba, ikakananso amalemba uthenga wopangana tsiku lina. Koma yanu inaduka mutangonena kuti moyo wakutopetsani. Iye sakanadziwa ngati ndi netiweki, batire, kapena mwazimitsa dala kuti mudzivulaze. Pamenepo saloledwa kungoganiza zabwino n'kukhala chete. Amaimbira munthu amene munamutchula.

Anthu ambiri amakhulupirira kuti chinsinsi cha kuchipatala ndiye kuti dokotala sangauze munthu aliyense kanthu, zivute zitani. Si choncho, ndipo sizinakhalepo choncho, kaya pa foni kaya m'chipinda. Nkhani za banja lanu, ngongole zanu, zimene munalira nazo, zonsezo n'zotsekeredwa. Chitseko chimatseguka pang'ono pokhapokha moyo wanu kapena wa munthu wina ukakhala pangozi, kapena malamulo a dziko akalamula, ndipo ngakhale pamenepo dokotala amanena zochepa zokwanira kukupulumutsani. Afunseni achemwali anu zimene anauzidwa. Ndikukhulupirira kuti sizinapitirire pa kuwapempha kuti akakuoneni msanga. Dokotala amayenera kufotokoza malire amenewa tsiku loyamba, ndipo ngati sanatero, muli ndi ufulu womufunsa ndi kumudandaulira.

Kumene chinsinsi chimatayikira kawirikawiri ndi kunyumba: kulankhula pa sipika ana ali pakhonde, kapena kusiya mauthenga pa foni yobwerekana. Valani mahedifoni, tsekani chitseko, fufutani mauthenga, ndipo pangananani mawu oti munene wina akalowa, monga "ndikuphika", kuti dokotala asinthe nkhani.

Za dayazepamu zandidetsa nkhawa kwambiri, mayi. Mankhwala amenewa sachiza matenda a kukhumudwa. Thupi limawazolowera m'masabata ochepa, mumayamba kufuna ambiri, ndipo akasakanizidwa ndi mowa amafooketsa kupuma. Wogulitsa amene anakupatsani popanda kalata ya dokotala sanakufunseni za maganizo amene munawatchula aja. Komabe ngati mwamwa tsiku lililonse kwa masabata angapo, musasiye mwadzidzidzi, chifukwa mutha kunjenjemera ngakhale kukomoka. Amachepetsedwa pang'onopang'ono ndi wachipatala.

Munthu amene wafika poganiza zosiya moyo amafunika kuonedwa maso ndi maso, vidiyo ibwere pambuyo. Pitani kuchipatala chachikulu cha boma ku Mchinji lero kapena mawa m'mawa, achemwali anu akuperekezeni, ndipo mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Tengani mapilisi onse amene mwagula, munene angati mumamwa ndi kuyambira liti, ndipo mubwereze mawu omwe aja amene munauza dokotala pa foni, osawafewetsa. Mankhwala a makoswe ndi a m'munda achoke m'nyumba usiku uno. Maganizo aja akakula usiku, musadikire kuti kuche: dzutsani munthu akutengereni kuchipatala nthawi yomweyo.