Kalata yothokoza banja lomwe linkadyetsa anamwino a usiku

"Ndine namwino pachipatala china cha boma muno mu Harare, ku wodi ya amuna. Tinali ndi agogo ena a ku Mufakose, kwawo kwenikweni ku Dedza, omwe anagonekedwa m'wodi mwathu milungu isanu mpaka anatisiya. Nthawi yonseyi akubanja ankatibweretsera chakudya ife a usiku: nsima, nyemba, nthawi zina nkhuku, ndi tiyi m'fulasiki. Asisita oyang'anira wodi ati ndilembe kalata yothokoza m'dzina la tonse, poti ndine ndimadziwa Chichewa. Ndiyambire pati, ndipo ndilembere yani? Ndikuchita manyazi kuthokoza chakudya anthu akulira."

Achemwali, manyazi anuwo ndi oyenera, ndipo akukuuzani kale poyambira: chipepeso. Munthu wofika pakhomo pomwe pagwa zovuta amayamba wakhala pansi n'kupepesa, zina zonse zimabwera pambuyo. Kalata nayonso iyende motero. Mizere iwiri yoyamba ikhale ya malemuwo ndi ya ofedwa, nsima ndi tiyi zibwere m'ndime yachiwiri. Mukatero palibe angaganize kuti mukudandaula kuti mphika waphulidwa.

Musafulumire nayo. Pa masiku a maliro pakhomo pamakhala piringupiringu, ndipo envulopu iliyonse yofika imapita kwa amene akulemba zipepeso m'kope. Kalata yanu ikhoza kuwerengedwa pagulu, pakati pa ndalama za a mpingo ndi za bungwe la maliro, kapena kungosowa. Dikirani aike, abale ochokera kutali abwerere, kenaka papite sabata imodzi kapena ziwiri. Nthawi imeneyo m'nyumba mumakhala mutatsala anthu ochepa, omwe aja ankasinthana pabenchi kunja kwa wodi, ndipo ndi amene mukuwalembera.

Za woti mumulembere, ngati agogo aakazi alipo, lemberani iwowo, n'kuwonjezera kuti "ndi banja lonse". Atchuleni monga ankatchulidwira ndi ana awo pamaso panu. Ngati munkamva akuitanidwa ndi mfunda, monga Nabanda kapena Naphiri, gwiritsani umenewo, ndi ulemu woposa dzina la pachitupa. Kumudzi tikanati kalata ipite kwa mwinimbumba, koma m'mabanja omwe akhala ku Mufakose, Mbare kapena Mabvuku kuyambira nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, malume weniweni nthawi zambiri ali ku Malawi, ndipo zinthu amayendetsa ndi mwana wamkulu. Ngati agogo aakazi kulibe, lemberani amene ankayankhula ndi madokotala m'malo mwa onse.

Mayina a anthu ena onse asiyeni. Amene munkamuona atanyamula basiketi si amene ankaphika nthawi zonse. Kawirikawiri wophika ndi mpongozi kapena mdzukulu yemwe sanapondeko n'komwe kuchipatala, ndipo wogula ufa ndi mafuta ndi mwana wina ali ku Joni amene ankangotumiza ndalama. Mukatchula mmodzi, mwasiya atatu, ndipo kalata yabwinobwino isanduka chiyambi cha kunong'onezana. Thokozani ntchitozo: ophika, onyamula, osonkha. Aliyense adzadzipeza yekha m'menemo.

Tsopano pomwe pali povuta kwenikweni, ndipo ndikhalapo pang'ono. Chakudya chopita kwa anamwino pamene wodwala akadali pabedi chimakhala ndi nkhope ziwiri. Banja limachipereka ndi mtima wabwino, komabe pansi pamtima ambiri amakhala ndi kaganizo kakuti mwina bambo athu aziwatembenuza msanga, mwina belu likalira azibwera mothamanga. Inu mukudziwa kuti sizinali choncho. Kalata yanu isalembedwe mwanjira yoti wina n'kuganiza kuti zinali choncho. Chiganizo chonga "chifukwa cha chakudya chanu tinkapeza mphamvu zosamalira bambo" chimamveka chokoma m'kamwa, koma tachiwerengani ngati ndinu mwana wa wodwala wa pabedi loyandikana, yemwe analibe ngakhale ya kombi yobwerera tsiku ndi tsiku. Chikumuuza kuti bambo ake anasamalidwa ndi mphamvu zotsala. Chikuuzanso banja lomwe mukulithokozalo kuti ulendo wina wachibale akadzagonekedwa, mphika uyenera kudzayambiranso.

Choncho musamange chakudya ndi chisamaliro m'chiganizo chimodzi. Ndipo penapake nenani poyera, mofatsa, kuti sanali okakamizika kutero. Nenaninso kuti chinkagawidwa kwa onse a usiku, kuphatikizapo othandizira anamwino, okolopa ndi okankha matirole. Mawu amenewa amakutetezani inu. Mphatso yodyedwa ndi gulu poyera ndi yosiyana ndi kanthu kopatsidwa kwa munthu mmodzi kuseri, komwe malamulo a dziko lino amakaona ngati chiphuphu kakaperekedwa kuti wantchito achite zomwe amayenera kuchita kale. Pachifukwa chomwecho kalata isatuluke asisita oyang'anira asanaiwerenge, ndipo ngati chipatala chanu chimafuna kuti makalata a m'dzina la wodi adutse kwa ametironi, idutse. Awerengereni m'Chishona kapena m'Chingelezi mzere ndi mzere, kope lina litsale ku ofesi.

Chachiwiri chosaloledwa kulowa ndi matenda. Lamulo lalikulu la dziko la Zimbabwe la 2013, pagawo 57, limati munthu ali ndi ufulu woti za umoyo wake zisaululidwe. Ena amati poti munthu wapita ndiye palibenso chobisa, koma chinsinsi cha wodwala sichithera kumanda, ndipo pali akazi ake ndi ana omwe nkhaniyo ikuwakhudza. Dziwaninso kuti kalata yotere siikhala m'envulopu. Tsiku lomwelo wina aijambula pafoni n'kuiponya pagulu la banja la WhatsApp, mawa ili ku Dedza, mkuja ikuwerengedwa kwa amayi a Mvano. Musatchule dzina la nthenda, mankhwala, opaleshoni, kapena momwe usiku womaliza unayendera. Ngakhale mawu akuti "tinayesetsa mbali yathu" ndingakonde muwasiye. Amamveka ngati kudziteteza, ndipo ngati m'banjamo muli wina amene ali ndi funso pa chisamaliro, adzaona ngati wodi yayamba kale kuyankha mlandu. Mafunso otere ali ndi khomo lawo, kwa dokotala ndi asisita oyang'anira.

Mwina mufunsa kuti nanga chotsala n'chiyani, tikachotsa zonsezi. Chotsala ndi chimene inu nokha munaona ndi maso, ndipo ndicho chimapangitsa kalata kukhala yanu. Funsani anzanu a usiku aliyense akuuzeni kanthu kamodzi komwe akukumbuka, musankhepo kamodzi kapena tiwiri. Mwina ndi fulasiki yokulungidwa m'chitenje kuti tiyi asazizire m'nyengo ya Juni. Mwina ndi tsiku lomwe kunagwa mvula yamphamvu koma basiketi inafikabe, nsima ikadali yofunda. Za malemu sankhani za khalidwe lawo: mmene ankaperekera moni, nthabwala yomwe ankakonda.

Nayi mmene ndingalembere. Tinthu ta m'katimo ndangoyerekeza, muikemo tanu tenitenito.

"Kwa Agogo ndi banja lonse,

Ife anamwino ndi onse ogwira ntchito ku wodi ya amuna tikuti pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo athu. Tinakhala nawo milungu isanu, ndipo tinazolowera moni wawo wa m'mawa, wofunsa aliyense kuti kunyumba kwacha bwanji.

Talemba kuti tithokoze chifukwa cha chakudya chomwe munkatitumizira usiku. Munali ndi nkhawa zanu, ulendo wa ku Mufakose ndi wautali, koma munkatikumbukirabe. Sitidzaiwala fulasiki ija yokulungidwa m'chitenje masiku ozizira aja. Chakudyacho tinkagawana tonse, anamwino, othandizira ndi okolopa omwe. Simunali okakamizika kutero, n'chifukwa chake tikuchiyamikira kwambiri.

Mutithokozere onse amene ankaphika, amene ankanyamula, ndi amene ankasonkha ali kutali. Tinaonanso mmene munkasinthanirana pabenchi paja osawasiya bambo okha.

Mulungu akutonthozeni.

Ife,
a ku wodi ya amuna."

Taonani kuti ndi yaifupi, yokwana tsamba limodzi. Agogo ofedwa sawerenga masamba atatu, ndipo mwina wowawerengera ndi mdzukulu amene Chichewa amachimva koma kuwerenga amachita kudodoma. Ziganizo zikhale zazifupi. Ngati mukudziwa kuti ana ndi adzukulu amayankhula Chishona chokha, monga zilili m'makomo ambiri a kwathu kuno, lembani kumbuyo kwa tsambalo mawu omwewo m'Chishona, osawonjezera kanthu. Asisita akadodoma kuti kalata ya chipatala ingatuluke bwanji m'Chichewa, akumbutseni kuti Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka ndi lamulo lalikulu lomwe lija, pagawo 6.

Pa mawu achipembedzo yendani mosamala. Anthu a ku Malawi okhala mu Harare ena ndi a CCAP, ena ndi Akatolika, ena ndi Asilamu, makamaka Ayao, ndipo ku Dedza komweko onsewa aliko. Ngati simunaone ndi maso anu kuti ankabwera kudzapemphera ndi abusa kapena ashehe, "Mulungu akutonthozeni" ndi okwanira. Vesi ya m'Baibulo muike pokhapokha mukudziwa mpingo wawo. Mawu akuti "chinali chifuniro cha Mulungu" asiyireni abale ndi a mpingo. Akachokera kuchipatala amamveka mwina.

Ine ndimakonda kalata yolembedwa pamanja, ndi bolopeni, papepala loyera. Ya pakompyuta yokhala ndi chidindo imafanana ndi bilu, ndipo banja lomwe langochoka kulipira za kumotchale likaona chidindo mtima umayamba wagunda. Pansi asaine asisita oyang'anira m'malo mwa onse, kapena aliyense wa usiku alembe dzina lake loyamba ngati akufuna. Nambala ya foni ya munthu isakhalepo.

Musanatumize, yang'anani m'kabati ya m'chipinda chanu cha tiyi. Pa milungu isanu payenera kuti patsala mbale, chivindikiro kapena fulasiki ya eni ake, ndipo ofedwa sangabwere kudzafunsa, amachita manyazi. Tsukani, zipite limodzi ndi kalata. Ngati anzanu akufuna kusonkha kangachepe ka m'thumba mwawo, paketi ya shuga ndi masamba a tiyi m'mbalemo ndi chipepeso chokwanira, ndalama ayi.

Keyala ndi nambala za m'fayilo ya wodwala zinaperekedwa chifukwa cha matenda, choncho musazikopere pafoni yanu. Asisita oyang'anira aimbe ndi foni ya wodi, afunse mwana wamkulu uja ngati banja lingalole kulandira kalata, ndiponso ngati akufuna kudzaitenga okha kapena kuti wina akatule. Ena amafuna kubwera kuti aonenso anamwino. Ena safuna kuona geti la chipatala kwa miyezi, ndipo amenewo mukawapatsire kunyumba, anthu awiri, masana, osavala yunifomu.