Light ndi right: bwanji lilime lathu limazisokoneza?

Funso: "Ndinabadwira ku Dedza koma ndimagwira ntchito kuno ku Harare. Ndikati right anzanga amamva light, ndipo Borrowdale imandivuta mpaka kondakitala amandifunsa kawiri. Kodi vuto ndi lilime langa? Ndichite chiyani?" Mayi wa ku Mufakose

Mayi, lilime lanu lilibe vuto. Nkhani yagona pa khutu lomwe Chichewa chinakupatsani. M'chiyankhulo chathu l ndi r ndi liwu limodzi lolembedwa ndi zilembo ziwiri. Lamulo la kalembedwe lomwe tinaphunzira kusukulu limati r imabwera pambuyo pa i kapena e, l kwina konse: mbiri, bwera, koma mbale, phula, mlomo. Mukanena "bwela" palibe amene angamve tanthauzo lina, choncho khutu la mwana wa Chichewa siliphunzira kusiyanitsa. Ndi chifukwa chake report tinaisandutsa lipoti, rubber n'kukhala labala. Chishona chinatsamira mbali inayo: chili ndi r, ndipo dzina lija agogo athu ankatchulidwa nalo m'mafamu ndi m'migodi, Mabhurandaya, ndi Blantyre yemweyo l wake atasanduka r.

Chimene ambiri sachidziwa n'chakuti simusokoneza mwachisawawa. Lamulo lija mumalinyamula n'kulowa nalo m'Chingerezi. Pambuyo pa i ndi e lilime limathamangira ku r, ndiye believe ndi feeling zimawonongeka. Pambuyo pa a, o ndi u limathamangira ku l, ndipo apa ndi pomwe Borrowdale wanu wagwera, pamodzi ndi tomorrow ndi Glen Norah. Zimandiwawa kuona aphunzitsi akukalipira ana kuti "tchula bwino" osawauza malo enieni pomwe pali msampha.

Liwu lathu ndi lomenya: nsonga ya lilime imagunda kumwamba kamodzi n'kuthawa. Koma l ndi r za Chingerezi zonse ziwiri zimatha kukokedwa, ndipo mayeso anu akhale amenewo. Pa l, ikani nsonga ya lilime pa nkhama kuseri kwa mano a m'mwamba, pomwe mumaika ponena n, ndipo isachokepo. Tulutsani liwu mpaka muwerenge zala zisanu. Kenaka, lilime likadali pomwepo, kokerani mpweya m'kati. Mukamva kuzizira m'mbali mwa lilime, mwaipeza l, chifukwa mpweya wake umadutsa m'mbali. Nenani na, la, na, la kakhumi, nsonga ikugwira malo amodzimodzi.

Pa r nsonga isakhudze kalikonse. Bwezani lilime pang'ono, mbali zake zitsamire mano a m'mbuyo a m'mwamba, nsonga iyang'ane kumwamba ili lende, milomo muisongole pang'ono ngati mukufuna kunena u. Kokaninso liwu mpaka zala zisanu. Likaduka msanga kapena mukamva kugunda, mwabwerera ku liwu la Chichewa. Ikakukanikani r imeneyi, bwerekani r yonjenjemera ya Chishona yomwe mumaimva tsiku lililonse mu dzina la Harare. Kuno palibe amene angaimve ngati l, ndipo ine ndimailola ndi mtima wonse.

Komabe musayambe ndi pakamwa. Sabata yoyamba ikhale ya khutu. Lembani mawu awiriawiri: light ndi right, load ndi road, collect ndi correct, play ndi pray, glass ndi grass. Pemphani mwana wa sukulu wobadwira konkuno akutchulireni mawu 20 mosakaniza, inu mukuloza lomwe mwamva osamuyang'ana pakamwa. Musapitirire mpaka muzikhoza 18. Kenaka sinthanani: inu mutchule, iye aloze. Iyeyo ndiye woweruza, chifukwa khutu lanu lidzakuuzani kuti mwakhoza ngakhale mutalakwa. Mphindi 10 tsiku lililonse zimaposa ola lathunthu Lamlungu lokha.

Tsatirani dongosolo ili: liwulo likhale kumayambiriro kaye, kenaka pakati ngati collect ndi correct, potsiriza lotsatana ndi chilembo china ngati play ndi pray. Otsirizawa amavuta chifukwa timalowetsapo u, monga tinachitira ndi buledi ndi sukulu. Konzekeretsani lilime pa l musanatsegule milomo ya p, ndipo u sadzapeza mpata.

Tsopano Borrowdale. Mudule patatu. Pa "Bo" milomo yasongoka kale, isiyeni choncho. Pa "rrow" lilime likhale lende, ndipo r ziwirizo ndi liwu limodzi. Pa "dale" nsonga imagunda pa d, n'kubwerera pamalo omwewo pa l n'kukhazikika, osawonjezera o kapena e kumapeto. Nenani pang'onopang'ono kasanu, kenaka mwa liwiro la pa siteji. Mukafika pa Marlborough ndi Warren Park musavutike ndi r yoyamba ya Marlborough kapena ya Park: m'Chingerezi cha kuno, chotsata cha ku Britain, r yotsatidwa ndi l kapena k siimveka, imangotalikitsa a.